Botolo nambala 7: ndi asidi kapena esiteri? Thandizeni kuwerenga sipekitiro ya infuraredi

Lusiya wa ku Ulongwe: Moni nonse pa gulu. Ndili kuno ku Tete kusukulu ndipo ndapanikizika. Pa phunziro la kimika aliyense wapatsidwa kabotolo kopanda dzina, kanga kalembedwa nambala 7 basi. Za m'katimo zikuoneka mbee ngati madzi, fungo lake lili ngati mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo. Ndadontheza pa kamwala koyezerapo ka ATR ka makina a infuraredi otchedwa FTIR, ndipo mabanda atuluka chonchi:

cha m'ma 3500 cm⁻¹, lotambalala koma losaya
2985, lapakatikati
2350, kakang'ono ka mano awiri
1741, lalitali kwambiri, losongoka
1374, lapakatikati
1238, lalitali pafupifupi ngati la 1741 koma lonenepa
1046, lalitalinso

Ine ndalemba kuti ndi asidi wa karubokisilo, poti ndikuona O–H komanso C=O. Koma mtima sukukhazikika. Lipoti likufunika Lachisanu.

Zakeyu wa ku Mowatize: Achemwali, infuraredi yake ndi ya timakina tija tolozetsa pachipumi poyeza kutentha thupi? Ngati ndi choncho 3500 yachuluka, makinawo afa.

Lusiya wa ku Ulongwe: Ayi achimwene, awa ndi ena. Kuwala kwake ndi kwa mtundu womwewo, koma kuno makina amakutumiza pa amositira, chinthu choyezedwacho, n'kuona kuti ndi mbali iti ya kuwalako yamwedwa. Manambalawo si madigiri.

Zakeyu wa ku Mowatize: Ndamva. Ndikhala chete ndizimvera.

Tiyamike: Asisi, asidi ayi. O–H wa pa 3500 ndi wa alukolu. Ine ndikuona ngati molekula yanu ili ndi magurupu awiri, alukolu mbali ina, setona mbali ina. Ndipo ka 2350 kaja ndi C≡N, musakaiwale.

Aphunzitsi Jere (Domwe): A Tiyamike, pa mfundo yoti si asidi ndikugwirizana nanu. Koma C≡N amakhala cha m'ma 2250, ndipo amakhala dzino limodzi losongoka. Ka mano awiri ka pa 2350 ndi CO₂ wa mumpweya wa m'chipindamo. A Lusiya, munali angati mozungulira makina?

Lusiya wa ku Ulongwe: Tinalipo mwina khumi ndi awiri, aphunzitsi. Background anajambula kamodzi m'mawa tisanalowe.

Aphunzitsi Jere (Domwe): Ndiye yankho lake ndi lomwelo. Makina anachotsera mpweya wa m'mawa, inu mwabwera n'kudzaza chipinda ndi mpweya wopuma. Kameneko kafufuteni m'maganizo, si ka m'botolo.

Mayi Nangozo: Ndawerenga zonse. Ndagwira ntchito ya m'labu zaka zambiri, ndipo cholakwa cha Lusiyachi ndachiona kwa ophunzira ambiri, choncho ndilongosola motalikirapo.

Mwanawe, waona O–H ndi C=O n'kuziphatikiza ngati masamu. Koma sipekitiro sinakuuze kuti ziwirizo zili pa molekula imodzi. Yangokuuza kuti pa kamwala paja panali chinthu cha O–H, panalinso chinthu cha C=O. Zitha kukhala zinthu ziwiri zosiyana.

Asidi wa karubokisilo ali ndi maonekedwe ake osasokoneza. Mamolekula ake amayenda awiriawiri, H wa uyu wagwira O wa uyo, H wa uyo wagwira O wa uyu, ngati anthu ogwirana manja onse awiri. Kugwirana kumeneku kumafoola O–H kwambiri, ndiye banda lake silikhala pa 3500. Limayamba cha m'ma 3300 n'kumatsetsereka mpaka 2500, chigwa chachikulu chosasalala, ndipo mano a C–H a pa 2900 amangotulukira m'kati mwa chigwacho. Ukachiona kamodzi sudzachiiwala. Ndiye bwerera pa pepala lako undiuze: pakati pa 3200 ndi 3050 mzere uli pati? Nanga pa 2700 ndi 2600?

Lusiya wa ku Ulongwe: Mayi, pa 3200 mzere wabwerera kale pamwamba. Pa 2700 ndi 2600 uli phwatalala, palibe kanthu.

Mayi Nangozo: Basi, asidi watuluka pamenepo. Mboni yachiwiri ndi C=O weniweniyo. Wa asidi wotere amakhala cha m'ma 1710, wako ali pa 1741. Manambala makumi atatu pa dera limeneli ndi mtunda wautali, makina salakwitsa chotero.

Kuphwatalala kwa pa 2700 kwatithandizanso kwina. Alideido amakhala ndi C=O cha m'ma 1725, pafupi ndi wakoyo, koma H wake wa pa CHO amaonetsa timabanda tiwiri, cha m'ma 2820 ndi 2720. Ka 2820 nthawi zina kamabisala m'mano a C–H, koma ka 2720 kamaima pokha poyera. Iwe ulibe, ndiye alideido nayenso watuluka.

Tiyamike: Ndiye kwatsala setona wanga uja, mayi.

Mayi Nangozo: Setona wamba, monga asetona, amakhala cha m'ma 1715. 1741 ndi kwawo kwa esiteri.

Tiyamike: Koma si setona yense. Tinaphunzira kuti wa mkombero wa makaboni asanu amakwera kufika cha m'ma 1745. Ndiye nambala yokhayo singamukane.

Mayi Nangozo: Wanena zoona, ndipo ndakondwa kuti wakumbukira. Mkombero wothina umakweza C=O, moti sikulopentanona amakhala pomwe pali esiteri. N'chifukwa chake 1741 payekha sindingamusainire. Tiyang'ane kumanja kwa pepala. Esiteri ali ndi O wachiwiri, wolumikiza kaboni wa C=O ndi kaboni wina, C–O–C. Kulumikiza kumeneku kumatulutsa mabanda awiri amphamvu pakati pa 1300 ndi 1000. Lusiya ali ndi 1238 ndi 1046. Setona ali ndi timabanda take m'dera limenelo, koma osati lonenepa lofika msinkhu wa C=O ngati la 1238 lija. Ukaona atatu aatali, wina pa 1740, wina cha m'ma 1200, wina cha m'ma 1050 kapena 1100, uyambe kuganiza za esiteri.

Titha kupitirira pang'ono. Banda lalikulu la C–O likakhala pa 1240 kapena pafupi, kawirikawiri ndi asetato, kutanthauza CH₃COO–. Maesiteri a maasidi aatali amatsikira cha m'ma 1200 mpaka 1160. La 1374 lija ndi la CH₃, ndipo pa maasetato limaoneka lamphamvu kuposa masiku onse chifukwa CH₃ wagundana ndi C=O.

Zakeyu wa ku Mowatize: Pepani ndalowanso. N'chifukwa chiyani C=O yemweyo akusintha nambala? Ngati ndi chinthu chimodzi bwenzi ali malo amodzi.

Aphunzitsi Jere (Domwe): Ana anga ndimawauza za chingwe cha bangwe. Ukachikunga chimalira mokweza, ukachikhwefula chimalira motsitsa. Maatomu awiri olumikizana amanjenjemera chimodzimodzi, ndipo nambala ya cm⁻¹ ikunena liwiro la kunjenjemerako. Pa esiteri, O woyandikana naye uja amakoka maelekitironi, C=O n'kukungika pang'ono, nambala n'kukwera. Pa asidi, H wa mnzake wagwira O wa C=O n'kumukhwefula, nambala n'kutsika. C=O akagundana ndi C=C kapena mkombero wa benzeno amakhwefukanso, amatsika ndi makumi awiri kapena atatu. Ndiye esiteri wa benzoato mumupeza cha m'ma 1720, malo amene munthu wothamanga angati ndi setona.

Lusiya wa ku Ulongwe: Zikomo, apa ndamva. Koma funso langa loyamba likadalipo. Esiteri alibe O–H. Nanga chotupa cha pa 3500 chachokera kuti? A Tiyamike akuti alukolu pa molekula yomweyo, ndingawakane bwanji?

Mayi Nangozo: Uwakane ndi kukula kwake. Pa molekula yaing'ono yokhala ndi O–H wakewake, banda la O–H limakhala lakuya, looneka ngati lilime, lotsika kwambiri cha m'ma 3400 kapena 3350. Lako wati ndi losaya. Likufika pati poyerekeza ndi la 2985?

Lusiya wa ku Ulongwe: Silikufika ngakhale theka lake.

Mayi Nangozo: Ndiye ndi mlendo, si mwini nyumba. Alendo amene ndimawakayikira ndi atatu. Woyamba ndi madzi. Asetato wa etilo, ngati ndi iyeyo, amatha kusunga madzi okwana magawo atatu pa 100 alionse koma n'kumaonekabe mbee. Wachiwiri ndi alukolu wotsalira, poti esiteri amapangidwa kuchokera ku asidi ndi alukolu, ndipo akakhalitsa ndi chinyezi amabwerera pang'onopang'ono komwe anachokera. Wachitatu si chinthu china ayi, ndi C=O yemweyo. Banda lamphamvu limakhala ndi kamthunzi kake pa nambala yochulukitsa kawiri, kuchotsapo pang'ono. 1741 kawiri ndi 3482, ndiye kamthunziko kamagwa cha m'ma 3460. Kusiyana kwake n'kwakuti kameneka n'kakang'ono ndiponso kopyapyala, sikatambalala.

Madzi ali ndi mboni yawo, kabanda ka H–O–H cha m'ma 1640. Vuto ndi loti pali phazi la C=O pomwepo, ndiye madzi akachepa kamangooneka ngati kaphewa. Kuza chithunzicho pakompyuta uone.

Lusiya wa ku Ulongwe: Kaphewa kalipo cha m'ma 1640, koma n'kosaoneka bwino. Sindingalumbire.

Filipe wa ku Tsangano: Ndiloleni ndiikepo yanga, mwina ithandiza. Chaka chatha ndinatenga mafuta a mpendadzuwa amene timayenga kwathu n'kukawayeza pa makina ngati amenewo. Ananditulutsira 1745 wamtali, ndipo anandiuza kuti mafuta ophikira ndi esiteri. Koma pepala langa silikufanana ndi la a Lusiya ngakhale pang'ono. Kwanga mano a 2925 ndi 2854 ndi aatali zedi, pali kena pa 3008, lalikulu la kumanja lili pa 1160, ndiye kena pa 722. Zonsezi n'kukhala esiteri bwanji? Chinanso, botolo lina lomwe linakhalitsa linali ndi kaphewa pa 1710.

Mayi Nangozo: Achimwene, pepala lanulo ndi labwino kuphunzitsira. Gurupu ndi lomwelo, chosiyana ndi mchira. Mafuta ali ndi michira ya makaboni 16 kapena 18, ndiye CH₂ ndi wochuluka, n'chifukwa chake 2925 ndi 2854 atalika. Ka 722 kamatuluka pakakhala ma CH₂ anayi kapena kuposa ondondozana. Ka 3008 ndi H wokhala pa C=C, ndipo mafuta a mpendadzuwa ali ndi C=C wambiri. Kwa Lusiya C–H ndi wamfupi, nsonga yake ili pa 2985, kusonyeza kuti CH₃ ndiye wachuluka ndipo molekula ndi yaifupi. Pamwamba pa 3000 sanatchule dzino lililonse, ndiye sitikuyembekeza C=C kapena benzeno.

Kaphewa kanu ka 1710 ndi asidi amene wamasuka mafuta atayamba kuwonongeka. Lusiya, taona? Asidi akakhalapo ngakhale pang'ono amadzionetsa pamenepo. Pako pali kaphewa pa 1710?

Lusiya wa ku Ulongwe: Palibe, mayi. Mbali imeneyo yatsika mosalala.

Filipe wa ku Tsangano: Ndiye kaphewako kangandiuze kuti mafuta awonongeka kufika pati?

Mayi Nangozo: Kangakuuzeni kuti asidi alipo, ndipo mukayerekeza mabotolo awiri muona lomwe lachuluka. Koma nambala yeniyeni yogulitsira mafuta imafuna kuyeza ndi KOH m'bureta. Imeneyo tidzakambe padera.

Aphunzitsi Jere (Domwe): A Lusiya, musadalire pepala lokha pomwe botolo muli nalo m'manja. Sungunulani soda wophikira, NaHCO₃, magalamu 5 m'madzi mamililita 100, mutengeko pang'ono m'katyubu n'kudonthezamo madontho asanu a nambala 7. Asidi atulutsa thovu la CO₂ pompo. Esiteri angoyandama pamwamba kapena kusungunuka mwakachetechete.

Mayi Nangozo: Zoona. Ndipo za chotupa chija, chita izi mawa. Tenga mililita imodzi kapena awiri m'kabotolo kouma, thiramo Na₂SO₄ wopanda madzi kansonga ka sipatula, tseka, gwedeza, dikira mphindi khumi. Ufa ukaundana wonse wonjezera pang'ono mpaka wina aziyenda momasuka. Pukuta kamwala, dikira kaume, jambula Background watsopano, kenaka dontheza za pamwambazo.

Chenjezo limodzi la kuno ku Tete. Ndi kutentha kwa mwezi uno, dontho la chinthu chouluka msanga limatha pa kamwala usanamalize kujambula. Likamauluka limaziziritsa kamwalako, ndipo mpweya ukakhala wa chinyezi madzi amatha kuundana pomwepo, chotupa cha O–H n'kukula pomwe mabanda ena akufupika. Ika madontho awiri kapena atatu, vundikira ndi kachivundikiro ka zinthu zouluka ngati makina ali nako, ndipo ujambule nthawi yomweyo.

Tiyamike: Chotupa chikapanda kuchoka ndiye kuti ndanena zoona ine?

Mayi Nangozo: Chikakhala chimodzimodzi osasintha, tidzakhala pansi n'kuganizanso za mawu ako. Tidikire.

Lusiya wa ku Ulongwe: Mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi zotsatira. Soda sanatulutse thovu ngakhale limodzi. Nditaumitsa ndi Na₂SO₄, ufa woyamba unaundana ndithu. Pa sipekitiro yatsopano ka 2350 kachoka, kaphewa ka 1640 kachoka, chotupa chatsika kwambiri ndipo tsopano ndikuona kadzino kopyapyala pa 3462. Koma pansi pa kadzinoko patsalabe kachotupa kochepa kotambalala. Ndaonanso kabanda kakang'ono pa 880 komwe dzulo sindinakalabadire. Pa pepala la dzulo kaliponso.

Aphunzitsi Jere (Domwe): 3462 ndi kamthunzi kaja mayi ananena. Madzi analipo ndipo achoka.

Mayi Nangozo: Eya. Koma 880 wandiimitsa. Asetato wa etilo ali ndi kabanda cha m'ma 847 ndi kena cha m'ma 938, pa 880 alibe. Etanolo ndiye ali nako pamenepo, koonekera bwino. Mabanda ena aakulu a etanolo ali cha m'ma 1050 ndi 1090, ndiye abisala pansi pa a esiteri, wotsala poyera ndi 880 yekhayo. Na₂SO₄ amamwa madzi koma etanolo samuchotsa, zomwe zikugwirizana ndi kachotupa kotsalako. Funso langa: kamwala munapukuta ndi chiyani?

Lusiya wa ku Ulongwe: Ndi thonje lonyowetsa etanolo. Aliyense amatero akamaliza.

Mayi Nangozo: Ndiye pali njira ziwiri, ndipo kuchokera pano sindingathe kusankha. Mwina etanolo ali m'botolo, mwina anatsalira m'mphepete mwa kamwala n'kusungunukira m'dontho lako.

Tiyamike: Ine ndikuti ali m'botolo. Etanolo amauluka msanga, kutentha kwa ku Tete sangakhale pa kamwala mphindi ziwiri. Komanso watuluka masiku awiri onse. Ndivomera kuti sali pa molekula imodzi ndi C=O monga ndinanenera, koma alukolu ndinamuona ine poyamba.

Mayi Nangozo: Unamuona, sindikukana, ndipo mfundo ya masiku awiriyo ndi yolemera. Chondikayikitsa n'chakuti pa mzere wa anthu khumi ndi awiri palibe amene amadikira mphindi ziwiri, ndipo m'mphako yozungulira kamwala mumasunga chinyontho. Ndinaonapo amositira atatu osiyana onse ali ndi 880 chifukwa cha thonje.

Aphunzitsi Jere (Domwe): Njira yodziwira ilipo. Kupukuta ndi chinthu china chopanda O–H, monga hekisano, kudikira, kujambula kamwala kopanda kanthu kuti muone mzere uli phwatalala, kenaka kudontheza. Kapena kutsuka amositira ndi madzi osungunuliramo CaCl₂ wambiri, amene amakoka etanolo, n'kuumitsanso. 880 akachoka mutatsuka, anali m'botolo.

Lusiya wa ku Ulongwe: Makina atsekedwa mpaka Lachiwiri sabata yamawa, ndipo lipoti ndi la mawa. Ndilembe kuti asetato wa etilo?

Mayi Nangozo: Anakufunsa dzina kapena gurupu?

Lusiya wa ku Ulongwe: Magurupu, ndi umboni wake. Dzina akuti ngati tingathe.

Mayi Nangozo: Ndiye lemba motsimikiza kuti ndi esiteri wopanda C=C, mboni zake 1741, 1238 ndi 1046, ndipo 1238 pamodzi ndi 1374 zikuloza asetato. Lemba chifukwa chake wakana asidi, alideido ndi setona, chimodzichimodzi monga tachitira muno. Mapepala onse awiri uwaike, la dzulo ndi la lero, chifukwa kusintha kwa chotupa ndiwo umboni wa madzi. Za 880 unene poyera kuti ukuganizira etanolo wochepa ndipo sunatsimikize gwero lake. Dzina uliike ngati ganizo. Asetato wa metilo, wa etilo ndi wa puropilo amafanana kwambiri pa mabanda aakuluwo, amasiyana pa timabanda ta pansi pa 1000, ndipo kumeneko munthu sawerenga kamodzikamodzi, amasanjika pepala lake pa la chinthu chodziwika n'kuona ngati zikugwirizana.

Aphunzitsi Jere (Domwe): Ngati m'labu muli temometa ndi katyubu, kuwira kwake kukuthandizani lero lomwe. Wa metilo amawira pa madigiri 57, wa etilo 77, wa puropilo cha m'ma 102. Kumeneko ku Tete muli pansi m'chigwa cha Zambezi, manambala a m'buku agwira. Kuno kumtunda ku Angonia ndikayesa ndi ana zimawira msanga ndi madigiri atatu kapena anayi. Musamalire moto, zimenezo zimayaka, tenthetsani m'madzi otentha osati pa lawi.

Tiyamike: Koma etanolo amawira pa 78, ndiye kuwirako sikutiuza kanthu za 880.

Aphunzitsi Jere (Domwe): Sikutiuza, zoona. Kungosiyanitsa maasetato okhaokha.

Lusiya wa ku Ulongwe: Ndayeza ndi amene amayang'anira labu. Chawira pakati pa 75 ndi 77. Ndilemba asetato wa etilo ngati ganizo. Mnzanga wa botolo nambala 4 anajambula pambuyo panga masiku onse awiri, ndamupempha anditumizire pepala lake usiku uno ndione ngati nayenso ali ndi 880.

Mayi Nangozo: Umufunsenso kuti chake ndi chiyani. Ngati botolo lake ndi alukolu, pepala lakelo silitithandiza.